Lipoti lotsekera kafukufuku wa ngozi limene anandibwezera

Ndimagwira ntchito yoona za chitetezo cha ogwira ntchito pa fakitale ina yogaya chimanga ndi kupanga chakudya cha ziweto kuno ku Blantyre, ndipo zimene ndikufuna kufotokoza zinayamba usiku wina m'mwezi wa Okutobala 2023, pamene mnyamata wina wa shifiti ya usiku anapanidwa dzanja ndi lamba wa chigayo. Anzake anathamangira naye ku Gulupu usiku womwewo, ndipo ngakhale dzanjalo linapulumuka, zala ziwiri zinathyoka moti anakhala pakhomo miyezi iwiri osagwira ntchito. Kafukufuku wa ngoziyo tinamuchita bwino ndithu, ndipo sindikudandaula nazo za kafukufukuyo. Pamene ndinapunthwa ndi pa lipoti lomaliza, lija limalembedwa patapita miyezi kuti linene zimene kafukufuku anapeza ndi kusonyeza ngati chilichonse chimene tinalonjeza kuchita chinachitikadi. Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga amene adzapatsidwe ntchito yomweyi, kaya ndi pa fakitale, pa sukulu, pa chipatala kapena ku bungwe, poti lipoti limeneli limaoneka lophweka pomwe ndi limene likhoza kubisa ngozi yachiwiri.

Komiti yathu yofufuza inali ya anthu anayi, ndipo inapeza mfundo zisanu. Chotchinga lamba wa chigayo chachiwiri, chimene amakaniko amangochitcha kuti gadi, chinali chitachotsedwa ndipo chinali chotsamira khoma pa nthawi ya ngozi. Mnyamatayo anagwira lamba mota ikuzungulira, pofuna kumukankha chifukwa ankaterereka chigayo chikalemedwa. Panalibe njira yokhomera loko pa swichi yaikulu kuti wina asayatse makina mnzake akuwakonza, komanso panalibe batani lozimitsira makina mwadzidzidzi pafupi ndi pamene munthu amaima. Malamba a zigayo zonse zitatu anali otha, ndipo magudumu amene malambawo amazungulirapo anali atadyeka m'mizere mwake. Mfundo yomaliza inali yoti usiku kapitawo anali mmodzi yekha, woyang'anira zigayo ndi nyumba yosungira katundu nthawi imodzi, ndipo palibe pepala limene linasonyeza kuti anyamata a usiku anaphunzitsidwapo za kuopsa kwa makinawa. Kuchokera pa mfundozi tinagwirizana zochita zisanu ndi ziwiri, chilichonse chili ndi mwini wake ndi tsiku lake, ndipo zonse zinayenera kutha pofika kumapeto kwa Januwale 2024.

Kumayambiriro kwa Febuluwale ndinakhala pansi kulemba lipoti lotsekera. Njira imene ndinatsata ndi imene ambiri amatsata, ndipo pa nthawiyo sindinaone cholakwika chilichonse. Ndinatumiza uthenga kwa mwini wa chochita chilichonse kumufunsa pamene afika, ndipo mayankho anabwera mwamsanga. Makaniko wamkulu anatumiza chithunzi cha gadi itamangidwa pa chigayo. A ku ofesi yogula zinthu anatumiza risiti ya maloko 12. A ku ofesi yoona za ogwira ntchito anati maphunziro anachitika mu Disembala ndipo anthu anasaina. Pa za batani lozimitsira makina anandiyankha kuti zili m'kati. Ine ndinajambula mabokosi pa kompyuta, ndi kulemba kuti "chachitika" pa zisanu ndi chimodzi, "chili m'kati" pa chimodzicho, kenako pansi pake ndinalemba kuti nkhaniyi ikhoza kutsekedwa. Lipoti lonse linali la tsamba limodzi ndi theka, ndipo ndinkaliona kuti ndi laukhondo.

Wapampando wa komiti yathu ya zachitetezo ndi mayi wina wachikulire amene anagwirapo ntchito yofufuza mabuku a zachuma zaka zambiri asanabwere kwathu. Atawerenga lipotilo anandiitana, ndipo sanakalipe ayi, koma anaika chala pa mzere woyamba n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mawu akuti chachitika awa mwalemba inu kapena alemba amakaniko?" Ndinayankha kuti ndalemba ine potengera zimene amakaniko ananena. Iwo anati, "Ndiye kuti mwasainira zimene simunaone. Chithunzichi chikusonyeza gadi imodzi, koma zigayo zilipo zitatu, ndipo sichikunena tsiku limene chinajambulidwa. Pitani mukaone ndi maso anu, ndipo mupite usiku, chifukwa ngoziyo sinachitike masana." Anandipatsa masabata awiri. Ndinatuluka mu ofesimo ndili ndi manyazi komanso kamkwiyo pang'ono, poganiza kuti akukayikira anthu amene ndimagwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku, koma zimene ndinakapeza zinandisonyeza kuti palibe amene ananama, kungoti aliyense ananena zoona za kachigawo kake, ndipo ineyo ndi amene ndinasandutsa tizigawoto kukhala chinthu chathunthu.

Ndinapita Lachitatu usiku cha m'ma 10 koloko, mvula ikuwaza, nditatenga tochi, kope ndi lipoti la kafukufuku lija. Chigayo choyamba ndi chachitatu zinali ndi magadi ake, omangidwa bwino ndi mabawuti asanu ndi atatu iliyonse. Chigayo chachiwiri, chomwecho chimene chinavulaza munthu, chinali kuzungulira lamba ali pamtunda, ndipo gadi yake inali itatsamira khoma pamalo omwewo pamene inali mu Okutobala. Ndinauza kapitawo kuti azimitse nthawi yomweyo. Pa gadiyo panali fumbi la gaga lokhuthala moti ndinalembapo ndi chala, ndipo mabawuti ake anali m'chitini pansi pa benchi atayamba kuchita dzimbiri, zomwe zinandiuza kuti siinachotsedwe usiku umenewo. Nditafunsa kapitawo, anandiyankha mosabisa kuti, "Bwana, gadiyo anaibwezeradi mu Novembala, koma lamba ameneyu amafunika kumukunga kawiri kapena katatu pa sabata. Kumasula mabawuti asanu ndi atatu ndi kuwamanganso kumatenga nthawi, ndipo matumba amene tiyenera kugaya pa usiku sachepa."

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chachikulu pa nkhani yonseyi. Makaniko wamkulu sananame ponena kuti gadi inabwezeredwa, ndipo chithunzi chake chinali choona pa tsiku limene anachijambula. Koma chimene chinachititsa kuti gadiyo ichotsedwe poyamba chinali chisanakhudzidwe n'komwe. Lamba wa zigayo zathu amagwira ndi m'mbali mwake, ndiye mizere ya gudumu ikadyeka, lamba amamira mpaka kukhudza pansi pa mzerewo, n'kuyamba kuterereka ngakhale mumukunge chotani. Munthu akhoza kuzindikira zimenezi poona kuti pansi pa mzere pakunyezimira ngati papukutidwa, komanso lamba amalira mokweza makina akamadzuka ndipo amatulutsa fungo la mphira wopsa. Nditakhala pansi m'mawa mwake ndi kuika mfundo zisanu za kafukufuku mbali imodzi, zochita zisanu ndi ziwiri mbali inayo, n'kumalumikiza ndi pensulo chochita chilichonse ku mfundo imene chikuyankha, ndinaona kuti mfundo ya malamba otha ndi magudumu odyeka inatsala yokha yopanda mzere. Tonse anayi a m'komiti tinailemba, tonse tinasaina, koma palibe amene anaipatsa chochita. Kuyambira pamenepo sindiyamba lipoti lotsekera ndi mndandanda wa zochita, koma ndimayamba ndi zimene kafukufuku anapeza, chifukwa n'zotheka kumaliza zochita zonse koma mfundo imodzi yoopsa n'kutsala osaikhudza.

Nkhani ya maloko inali yaifupi. Anagulidwadi 12 monga inanenera risiti, koma ndinawapeza ali m'katoni mwake mosungira zipangizo, chifukwa maswichi athu analibe kabowo kokolekapo loko, ndipo panafunika kuti wamagetsi aikepo tizitsulo tokhomera. Chochitacho tinachilemba kuti "kugula maloko", ndiye amene anapatsidwa anagula n'kuona kuti wamaliza. Cholakwa chinali m'kalembedwe kathu, poti chimene tinkafuna si kukhala ndi maloko, koma kuti munthu aliyense wokonza makina azikhoma swichi ndi kusunga kiyi m'thumba mwake mpaka atamaliza.

Pa maphunziro ndinapempha pepala limene anthu anasaina ndi kulifananitsa ndi kaundula wa onse ogwira ntchito ku zigayo. M'kaundula munali anthu 27, koma amene anasaina anali 19. Mwa anthu 8 otsalawo, awiri anali pa tchuthi, ndipo 6 anali a shifiti ya usiku, chifukwa maphunzirowo anachitika m'mawa, nthawi imene iwo anali ataweruka n'kupita kukagona. Kunena kwina, gulu limene munachitika ngozi ndi limene silinaphunzitsidwe. Kuwonjezera apo, m'nyengo imene chimanga chimabwera chambiri timalemba aganyu osenza matumba amene amadutsa pafupi ndi malamba tsiku lonse, ndipo iwowa sali m'kaundula uja. Ndinafunsanso anthu atatu mwa amene anasaina kuti andisonyeze zimene angachite lamba ataterereka, ndipo awiri anayankha bwino, koma wachitatu anati akhoza kumukankha ndi mtengo m'malo mwa dzanja. Siginecha imasonyeza kuti munthu analipo m'chipindamo, koma siisonyeza kuti wamva, choncho m'lipoti ndinalemba zinthu ziwirizi padera.

Batani lozimitsira makina mwadzidzidzi ndi limene ndinali nditalembera kuti "chili m'kati", ndipo mawu amenewa ndinawaleka kuyambira pamenepo, chifukwa amakwanira pa chinthu chimene chatsala pang'ono kutha komanso pa chinthu chimene sichinayambike n'komwe. Nditafufuza ndinapeza kuti koteshoni inatengedwa kumayambiriro kwa Novembala, ndipo patangopita masiku ochepa ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse, monga tonse tikukumbukira. Wogulitsa anabweza koteshoniyo ponena kuti zipangizozo zimachokera kunja ndipo mtengo wasintha, ndipo koteshoni yatsopano inafuna chilolezo cha akuluakulu chifukwa inapyola malire a ndalama zimene ofesi yogula zinthu ingavomereze yokha. Pepala lopempha chilolezocho linali pa tebulo la munthu wina kuyambira mu Disembala. Chifukwa chake chinali chomveka, ndipo ndinachilemba mwachilungamo, koma zoona zake zinali zoti chinthucho sichinachitike, ndipo anthu anapitiriza kuima pafupi ndi makina amene sakanatha kuwazimitsa msanga.

Zitatu zotsalazo zinali zosiyana. Ndondomeko yokhomera maswichi inalembedwadi m'Chichewa ndipo inamatidwa pa khoma pafupi ndi chigayo chilichonse, ndinaiona ndi kuijambula, ndiye imeneyi inali yotha. Kapitawo wachiwiri wa usiku sanalembedwe ntchito, koma akuluakulu anaganiza zotseka nyumba yosungira katundu usiku kuti kapitawo mmodziyo aziona zigayo zokha, ndipo ndinapeza kalata yolamula zimenezi komanso ndinaona ndekha chitseko chili chokhoma usiku umene ndinapita. Chachisanu ndi chiwiri chinali kudziwitsa a Unduna wa Zantchito za ngoziyo ndi kuyambitsa za chipukutamisozi, monga amafunira malamulo athu, lija la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito, ndi lija la 2000 loona za chipukutamisozi cha ogwira ntchito. M'faili munali kope la fomu imene inatumizidwa, yokhala ndi chidindo chosonyeza kuti inalandiridwa, ndipo ndinapitanso kukacheza ndi mnyamata wovulalayo, amene anali atabwerera kuntchito, kuti ndimve kwa iye mwini ngati mapepala ake a kuchipatala anaperekedwa. Chochitacho chinali kudziwitsa ndi kuyambitsa, ndipo zimenezo zinachitika, koma ndinalemba chiganizo choonjezera chonena kuti ndalama zake anali asanalandire pa tsiku lolemba lipoti, kuti wowerenga asaganize kuti nkhani ya munthuyo yatha.

Nditasonkhanitsa zonsezi ndinaona kuti mawu awiri aja, "chachitika" ndi "chili m'kati", sangathe kunyamula zimene ndinapeza, ndiye ndinasankha mawu anayi ndi kufotokoza tanthauzo lake pamwamba pa mabokosi kuti pasakhale kukangana. "Chatha" ndimalemba pokhapokha ngati chinthu chonse chachitika monga chinalembedwera ndipo ine ndaona umboni wake. "Chachitika mbali imodzi" ndimalemba pamodzi ndi nambala yosonyeza chimene chachitika ndi chimene chatsala, monga zigayo 2 mwa 3, kapena anthu 19 mwa 27. "Sichinachitike" ndimalemba ngakhale patakhala makalata ndi makoteshoni ambiri, ngati pamalo pa ntchito palibe chimene chasintha. "Chasinthidwa" ndimalemba pamene akuluakulu asankha njira ina, ndipo pamenepo pamafunika kunena amene anavomereza kusinthako, tsiku lake, ndi ngati njira yatsopanoyo ikuyankha mfundo yomwe ija ya kafukufuku. Pambali pa mawu amenewa ndinaika bokosi lina la funso lakuti kodi chinthucho chikugwira ntchito, chifukwa gadi ija inandiphunzitsa kuti chinthu chikhoza kuchitika mu Novembala n'kukhala chitafafanizika pofika Febuluwale.

Kuti muone kusiyana kwake, m'lipoti loyamba mzere wa magadi unkangoti: "Kubwezera zotchinga malamba. Mwini wake: makaniko wamkulu. Chachitika." M'lipoti lachiwiri mzere womwewo unati: "Kubwezera zotchinga malamba pa zigayo zonse zitatu, poyankha mfundo yoyamba ya kafukufuku. Mwini wake: makaniko wamkulu. Chinayenera kutha mu Novembala 2023. Chachitika mbali imodzi. Pa ulendo wa usiku umene wolemba lipoti anayenda mu Febuluwale 2024, zigayo 1 ndi 3 zinali ndi zotchinga zomangidwa, koma chigayo 2 chinali kugwira ntchito chopanda chotchinga. Chotchingacho chinabwezeredwa mu Novembala koma chinachotsedwanso chifukwa lamba amafuna kukungidwa pafupipafupi. Chigayo 2 chaimitsidwa kufikira malamba ndi gudumu zitasinthidwa. Umboni: zithunzi 1 mpaka 4, ndi zimene kapitawo wa usiku ananena." M'lipoti lenilenilo ndinaikamo tsiku ndi ola la ulendowo. Mzerewu ndi wautali kuposa woyamba uja, koma munthu amene sanafikepo pa fakitale yathu akhoza kuuwerenga ndi kudziwa chimene chilipo, chimene palibe, ndi kumene angapite kuti akatsimikize yekha.

Gawo la zimene kafukufuku anapeza linandivutanso mwa njira ina. Patapita miyezi inayi, anthu anali atayamba kuifotokoza ngoziyo mofewetsa, ndipo wina anandipempha kuti m'malo molemba kuti chotchinga chinali chitachotsedwa ndilembe kuti chinali pa kukonzedwa. Ndinakana, ndipo ndinakopera mfundo zisanu zija mawu ndi mawu monga zinalili m'lipoti la kafukufuku limene tonse tinasaina, chifukwa lipoti lotsekera si malo ofufuziranso nkhani kapena kuikonza kuti imveke bwino. Zatsopano zimene ndinapeza, monga za aganyu ndi za mfundo ija yopanda chochita, ndinaziika pa kamutu kakekake konena kuti izi zapezeka pa nthawi yotsatira, kuti zisasakanikirane ndi zakale. Ndinasamalanso kusiyanitsa zimene ndinaona ndi zimene ndinauzidwa komanso zimene ndinangoganiza. Kuti gadi inali pakhoma, ndinaona. Kuti lamba amakungidwa kawiri kapena katatu pa sabata, ndinauzidwa, ndipo ndinalemba kuti ndi mawu a kapitawo popeza m'buku la amakaniko simunkalembedwa zimenezi. Kuti gadiyo inakhala pakhoma masabata angapo, ndinaganiza potengera fumbi ndi dzimbiri, ndipo ndinalemba kuti zikuoneka choncho. Mayina a anthu sindinalembe, ndinalemba maudindo awo, ndipo za kuvulala kwa mnyamatayo ndinangonena zochepa zofunikira, poti lipotili limawerengedwa ndi anthu ambiri amene sayenera kudziwa za m'mapepala ake a kuchipatala.

Ndisanapereke lipoti kwa wapampando, ndinapatsa mwini wa chochita chilichonse mzere wake kuti auwerenge ndi kundiuza ngati pali cholakwika pa mfundo, ndipo ndinawapatsa masiku atatu. Ndikulangiza aliyense kuti asadumphe zimenezi, chifukwa munthu akakumana ndi mawu akuti "sichinachitike" koyamba pamaso pa akuluakulu ake mu msonkhano, amayamba kudziteteza m'malo mokonza. A ku ofesi yoona za ogwira ntchito anandikonza pa chinthu chimodzi, kuti mmodzi mwa awiri amene anali pa tchuthi anali atasamutsidwira ku gawo lina mu Januwale, ndiye ofunika kuphunzitsidwa anali 7 osati 8, ndipo nditaona kalata yosamutsirayo ndinasintha nambala. Makaniko wamkulu sanakondwe. Anabwera ku ofesi kwanga n'kunena kuti, "Bambo, ine ntchito yanga ndinaigwira, ndipo chithunzi munachiona. Mukalemba chonchi anthu aziti ndine wonama." Ndinamusonyeza chiganizo chimene chinkanena momveka kuti gadi inabwezeredwadi mu Novembala, ndi china chimene chinkanena kuti komiti yonse, ine ndemwe, sinapereke chochita pa malamba otha. Atawerenga kawiri anakhala chete, kenako iye mwini ndi amene anapereka nzeru yoti magadi akhale a mahinjesi ndi bawuti imodzi yofuna sipanala, kuti kutsegula ndi kutseka kusamatenge nthawi, ndipo anati akudziwa owotcherera a ku Ndirande amene angapange zimenezi pa masiku ochepa.

Funso lovuta kwambiri linali lakuti kodi nkhaniyi itsekedwe kapena ayi. Manijala wa fakitale ankafuna kuti itsekedwe chifukwa kunkabwera alendo oyendera kuchokera kwa kasitomala wathu wamkulu, ndipo faili yotsegula ya ngozi siioneka bwino. Anandiuza mwaulemu kuti zotsalazo zichitika ndithu, ndiye ndingolemba kuti zatha. Ndinawayankha kuti, "Bwana, ndikalemba kuti zatha, palibe amene adzazifunsenso, ndipo pepala la batani lija lidzakhalabe pa tebulo pomwepo." Pali njira yotsekera faili zina zisanathe, ndipo si yachinyengo, koma imafuna kuti chotsala chilichonse chisamutsidwire pa mndandanda wina umene umawerengedwa pa msonkhano wa mwezi ndi mwezi, chikhale ndi mwini wake, tsiku latsopano, ndi njira yotetezera anthu podikira. Imafunanso kuti munthu waudindo asaine kuti akudziwa za chiopsezo chotsalacho ndipo akuchivomereza. Njira imeneyi ndi yoyenera pa zinthu zazing'ono, koma ine ndinaona kuti siikanayenera pamene chinthu chenicheni chimene chinavulaza munthu chinali chikadalipo, choncho ndinalemba kuti faili isatsekedwe, ndipo ndinatchula zinthu zitatu zimene zikachitika ndidzavomereze kuitseka, zomwe ndi kusintha malamba ndi gudumu la chigayo chachiwiri pamodzi ndi kubwezera gadi yake, kuika tizitsulo tokhomera maloko pa maswichi onse atatu, ndi kuphunzitsa a usiku pa nthawi ya shifiti yawo.

Ndime yoyamba ya lipoti ndinailemba pomaliza penipeni, ndipo ndinaikonza kangapo chifukwa akuluakulu ambiri amawerenga yokhayo. Inanena kuti mwa zochita zisanu ndi ziwiri, ziwiri zatha, zitatu zachitika mbali imodzi, chimodzi sichinachitike ndipo chimodzi chasinthidwa, kuti mfundo imodzi ya kafukufuku inalibe chochita ndipo tsopano yapatsidwa chachisanu ndi chitatu, komanso kuti chiopsezo chimene chinabweretsa ngozi chinapezeka chikadalipo pa chigayo chimodzi. Ndinawerengera manambalawo ndi zala kuti akwane asanu ndi awiri, chifukwa lipoti limene manambala ake a pamwamba sakugwirizana ndi a m'mabokosi limataya chikhulupiriro nthawi yomweyo. Pambuyo pa ndimeyo panabwera mbiri yaifupi ya ngozi, mfundo za kafukufuku, mabokosi a zochita, zopezeka zatsopano ndi maganizo anga pa za kutseka, ndipo kumapeto ndinamangirira zithunzi zokhala ndi manambala ndi masiku, kope la pepala losaina, risiti, makoteshoni awiri aja ndi kalata yotseka nyumba yosungira katundu usiku. Lipoti linakwana masamba anayi osawerengera zomangirirazo.

Pa msonkhano wa komiti wapampando anawerenga ndime yoyambayo mokweza, kenako anafunsa manijala kuti pepala la batani lozimitsira makina lili kwa yani, ndipo linasainidwa tsiku lomwelo msonkhano usanathe. Maphunziro a anyamata a usiku ndinawachititsa ndekha sabata yotsatira cha m'ma 9 koloko usiku, makina onse atazimitsidwa, ndipo aliyense anakhoma loko pa swichi ndi manja ake ine ndikuona, aganyu anayi amene analipo nawonso anakhala nawo. Malamba ndi gudumu zinafika mu Malichi, magadi a mahinjesi anamangidwa pa zigayo zonse zitatu, ndipo mabatani anaikidwa kumapeto kwa mwezi womwewo.

Sindinalembe lipoti lotsekera lenileni mpaka mu Epulo, nditadikira masabata atatu kuti ndione ngati magadiwo adzakhalitse. Ndinapitanso usiku kawiri osauza munthu, ndinapeza magadi onse ali otseka, ndinapempha kapitawo kuti adinize batani la chigayo chachiwiri chili m'kati mogaya ndipo mota inazima, ndinawerenganso m'buku la amakaniko, limene tsopano amalembamo kukunga kulikonse, n'kupeza kuti lamba wa chigayocho anakungidwa kamodzi kokha chimusinthireni. Pa mzere wa chipukutamisozi ndinalemba kuti mbali ya kampani yatha koma ndalama zikudikiridwabe, ndipo ndinausamutsira pa mndandanda wa mwezi ndi mwezi pansi pa dzina la ofesi yoona za ogwira ntchito. Wapampando anawerenga masamba onse pamodzi ndi zomangirira, anandifunsa tsiku la chithunzi chimodzi chimene ndinaiwala kulembapo, ndinalitenga pa foni n'kulilemba ndi cholembera iwo akuona, kenako anasaina pansi pa siginecha yanga ndipo faili inapita m'kabati.